Kupeta ndime ya lipoti: phunziro la pa boda ya Mchinji

Kumapeto kwa mwezi wa Juni ku Mchinji kumazizira, ndipo mphepo yotsika m'mapiri imalowa mpaka m'maofesi a pa boma. Panja nyengo imakhala ya malonda: matumba a soya ndi mtedza ali mbwee m'mbali mwa msewu wa M12 kuyambira pa Waliranji, pa Kamwendo mpaka kumalire. M'kati mwa maofesi a mabungwe nyengo imakhala ina, ya malipoti. Miyezi itatu yatha, ndipo aliyense amene analandira ndalama zogwirira ntchito ya chitukuko ayenera kufotokoza pa pepala chimene wachita nazo.

Ndakhala ndikuwerenga malipoti otere kwa zaka zambiri, ena ndisanawasainire, ena nditapemphedwa kuti ndiwakonze. Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti nthawi zambiri ntchito imakhala itagwiridwadi. Mlangizi anakwera njinga yamoto, anamwa fumbi, anakhala pansi pa mtengo ndi anthu mpaka dzuwa kupendeka. Koma akafika polemba, ntchito yonseyo imamira m'ndime yaitali yopanda mutu ndi mchira, moti woiwerenga ku Lilongwe amafika kumapeto asanadziwe ngati zinthu zinayenda kapena zinakanika.

Nkhani ya lero ndi ya ndime imodzi yokha. Tiitenga monga inabwerera, tiipeta pang'onopang'ono, mpaka itsale maso okhaokha. Mfundo yanga ndi iyi: kufupikitsa ndime sikuyambira pa kompyuta ayi, kumayambira m'kaundula. Ndime imatalika pamene wolemba sanadziwe bwinobwino chimene chinachitika.

Malo a nkhaniyi

Kuchoka ku Lilongwe kufika pa boma la Mchinji ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110, ndipo boda ili chapatsogolo pang'ono, panjira yopita ku Chipata m'dziko la Zambia. Mu Disembala 2022, atsogoleri a mayiko awiriwa pa nthawiyo, a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema, anatsegulira malo atsopano ochitira zonse pamodzi a Mwami ndi Mchinji, amene anamangidwa ndi thandizo la African Development Bank. Kale wapaulendo ankaima kawiri, kotulukira dziko lina ndi kolowera linzake. Tsopano amaima kamodzi, ndipo a MRA ndi anzawo a ZRA amagwirira ntchito malo amodzi.

Pa boda yomweyi amalonda ang'onoang'ono, ambiri mwa iwo amayi, ali ndi mwayi wogwiritsa ntchito ndondomeko yophweka ya bungwe la COMESA, imene pamalopo amangoti STR. Malawi ndi Zambia anayamba kuitsatira mu 2010. Katundu akakhala pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana, ndipo mtengo wake sukupitirira madola 2,000 a ku America, mwini wake amalemba fomu yaifupi n'kuwoloka naye popanda msonkho wolowetsera katundu, ngakhale misonkho ina ya m'dziko ikhoza kukhalapo. Amalonda ambiri sadziwa bwino ndondomekoyi, n'chifukwa chake mabungwe amachititsa maphunziro.

Tiyerekeze tsono kuti pali pulojekiti yophunzitsa amalondawa. Ndime ili m'munsiyi ndaiumba potengera zimene ndakhala ndikukumana nazo m'malipoti, ndipo manambala onse a pulojekitiyi ndi ongophunzirira, si a bungwe lililonse. Malipoti ambiri amalembedwa m'Chingerezi, koma matenda ake ndi omwewa m'chilankhulo chilichonse, ndipo wolemba wathu amayamba waganiza m'Chichewa asanagwire kompyuta.

Ndime monga inabwerera

"Monga tonse tikudziwa, malonda a m'malire ndi ofunika kwambiri pa chitukuko cha dziko lathu makamaka kwa amayi ndi achinyamata, ndipo m'miyezi imene ikunenedwayi pulojekiti yathu yakhala ikuyesetsa kwambiri kuchita zinthu zosiyanasiyana pofuna kuthandiza amalonda ang'onoang'ono, ngakhale panali mavuto ena ndi ena monga mvula, kuchedwa kwa zinthu zina ndi zina komanso kukwera mtengo kwa mafuta, koma chifukwa cha mgwirizano wabwino ndi onse okhudzidwa, amene tikuwathokoza kwambiri, maphunziro angapo anachitika bwino lomwe ndipo anthu ambiri zedi oposa 100 anafika, ambiri mwa iwo amayi, ndipo anasangalala kwambiri moti ena anapempha kuti maphunziro otere azichitika pafupipafupi, ndipo zikuoneka kuti amalonda ambiri tsopano akugwiritsa ntchito STR komanso akuwoloka msanga kusiyana ndi kale, zomwe zikusonyeza kuti pulojekiti ikuyenda bwino kwambiri, ndipo zotsalazo zidzachitika posachedwapa zinthu zikakhala bwino."

Yesani kuiwerenga mokweza. Mpweya ukutherani musanafike pakati. Mawu ndi pafupifupi 120, koma chiganizo n'chimodzi. Liwu loti "kwambiri" labwera kasanu, pamene nambala ilimo imodzi yokha, nayonso yosatsimikizika.

Wolemba ndime yotere si mbuli. Walemba monga mmene munthu waulemu amalankhulira pabwalo la mfumu: amayamba ndi kulonjera, amakumbutsa anthu zimene akudziwa kale, amathokoza, ndipo nkhani yowawa amaizungulira kaye asanaikhudze. Pabwalo khalidweli ndi loyenera, chifukwa omvera akhala pansi, ali ndi nthawi, ndipo akhoza kufunsa. Koma wowerenga lipoti ali yekha, ali ndi malipoti ena khumi patebulo, ndipo sangakweze dzanja kufunsa kuti, "Kodi anthu ambiri zediwo ndi angati?" Ulemu umene tingam'patse ndi womuyankha asanafunse.

Funso loyamba: wowerenga akufuna kuchita chiyani?

Ndisanakhudze liwu lililonse, ndimadzifunsa kuti ndimeyi ikupita kwa yani, ndipo iyeyo akaiwerenga achita chiyani. Lipoti la miyezi itatu limawerengedwa ndi mkulu wa pulojekiti, ndi a khonsolo ya boma, komanso ndi amene anapereka ndalama. Onsewa ali ndi chigamulo choti apange: atumize ndalama zina kapena adikire, asinthe ndondomeko kapena aisiye, apite akaone okha kapena akhulupirire zolembedwazo.

Kuti agamule, akufuna mayankho a mafunso asanu. Munalonjeza chiyani? Mwachita chiyani? Tidziwa bwanji kuti n'zoona? Ngati zaperewera, chifukwa chake n'chiyani? Nanga ndani adzachita chiyani, pofika liti? Chiganizo chilichonse chimene sichikuyankha limodzi mwa mafunsowa ndi mankhusu.

Tikaika ndime yathu m'lichero, mankhusu oyamba amauluka okha. "Monga tonse tikudziwa" akudzitsutsa yekha: ngati tonse tikudziwa, palibe chifukwa cholembera. Kufunika kwa malonda a m'malire kunafotokozedwa kale m'chikalata chopemphera ndalama, ndipo n'chifukwa chake ndalamazo zinaperekedwa. "Yakhala ikuyesetsa kwambiri" akunena za mtima wa ogwira ntchito, osati za zotsatira. Mawu othokoza ali ndi malo ake, m'kalata yoperekera lipoti kapena pamsonkhano, osati pakati pa manambala. Tikachotsa zimenezi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a ndime lapita, ndipo palibe mfundo imene yatayika.

Koma apa m'pamene ambiri amalekera, n'kumaganiza kuti ntchito yatha. Ndime yafupikadi, koma ikadali yopanda kanthu. Chatsala ndi "maphunziro angapo", "anthu oposa 100", "ambiri mwa iwo amayi", "zikuoneka kuti", "posachedwapa". Liwu lililonse mwa amenewa ndi dzenje lofunika kukwirira ndi umboni, ndipo umboniwo suli m'mutu mwa wolemba. Uli m'fayilo.

Kubwerera ku kaundula

Tsegulani fayilo ya maphunziro. Muli makaundula atatu, mapepala okhala ndi mizere ya dzina, mudzi, nambala ya foni ndi siginecha. Ena asaina ndi cholembera, ena adinda chala, ndipo pakona pa pepala lina pali dontho la chakumwa cha pa nthawi yopuma. Loyamba lili ndi mayina 41, lachiwiri 38, lachitatu 33. Mukaphatikiza mupeza 112. Apa m'pamene panachokera "oposa 100".

Tsopano yalani mapepala atatuwo patebulo, mutenge pensulo, muyambe kutsata dzina ndi dzina. Mayi wogulitsa zitenje amene anasaina pa mzere wachisanu ndi chiwiri tsiku loyamba, mum'pezanso pa mzere wachitatu tsiku lachiwiri. Dzina lalembedwa mosiyana pang'ono, koma mudzi ndi nambala ya foni n'zomwezo. Mukamaliza, mupeza kuti anthu 18 anabwera kawiri. Masiginecha ndi 112, koma anthu ndi 94. Mwa iwo amayi ndi 61, abambo 33.

Kusiyanitsa masiginecha ndi anthu ndi nkhani yaikulu. Munthu kubwera kawiri si mlandu. Mwina sanamvetse tsiku loyamba, mwina anaperekeza mnzake. Koma pulojekiti inalonjeza kuphunzitsa anthu, osati kudzaza mipando. Mukalemba 112, ndipo tsiku lina wofufuza mabuku n'kudzayala mapepala omwewo, sadzakhulupiriranso nambala ina iliyonse m'lipoti lanu, ngakhale yoona.

Kenako tsegulani ndondomeko ya ntchito ya chaka. Pa miyezi itatuyi panalembedwa maphunziro anayi, anthu 30 pa maphunziro alionse, onse pamodzi 120. Apa nkhani yeniyeni ya ndimeyi yatulukira: anthu 94 mwa 120, kutanthauza 78 pa 100 alionse, ndipo maphunziro atatu mwa anayi. Ndime yoyamba ija inati zinthu zikuyenda bwino kwambiri popanda kutchula chimene chinalonjezedwa. Nambala yoima yokha siuza munthu kanthu. Anthu 94 ndi ambiri ngati munalonjeza 60, ndi ochepa ngati munalonjeza 300. Muyezo wake uyenera kukhala m'chiganizo chomwecho, monga mmene wogula mtedza pa Kamwendo amaikira thumba pa sikelo mwini wake akuona.

Chifukwa chimodzi chenicheni

Ndime yoyamba inatchula mavuto atatu: mvula, kuchedwa kwa "zinthu zina ndi zina", ndi mtengo wa mafuta. Wowerenga amene amadziwa Mchinji amadabwa akaona mvula m'lipoti la Epulo mpaka Juni, chifukwa mvula kuno imakhala ikutsazika mu Epulo, ndipo Meyi ndi Juni ndi miyezi yokolola. Kawirikawiri mvula yotereyi imakhala yotsalira ya lipoti lapitalo: wolemba anatsegula la Januwale mpaka Malichi, anasintha madeti, chiganizo cha mavuto n'kuchisiya momwemo. Chizindikiro chake ndi chimenechi, vuto losagwirizana ndi nyengo.

Njira yoyesera vuto ndi kufunsa kuti: likanakhala kulibe, kodi maphunziro achinayi akanachitika? Mvula ikanapanda kugwa, sakanachitikabe. Mafuta akanapanda kukwera, sakanachitikabe. Koma ndalama zikanafika pa nthawi yake, akanachitika. Sitetimenti ya ku banki ikuonetsa kuti ndalama zimene zinkayembekezeka pa 7 Epulo zinalowa pa 26 Meyi. Masabata asanu ndi awiri anatayika, ndipo maphunziro onse atatu anapanikizana m'masiku otsatira. Chimenechi ndiye chifukwa, ndipo n'chimene chinabisidwa m'mawu oti "zinthu zina ndi zina".

Ndikumvetsa chifukwa chake chinabisidwa. Mlangizi amaopa kuti akalemba za kuchedwa kwa ndalama, aoneka ngati akuloza chala akuluakulu. Amanena motsitsa mawu kuti, "Bwana, zimenezi tingalembe? Sangakhumudwe?" Yankho langa limakhala lakuti madeti sanyoza munthu. Simukulemba kuti wakutiwakuti ananyalanyaza ntchito. Mukulemba tsiku limene ndalama zinkayembekezeka ndi tsiku limene zinafika. Ndipo amene angakonze vutoli ndi wowerenga yemweyo. Mukam'bisira, miyezi itatu ikubwerayi ndalama zidzachedwanso, ndipo adzakhala akuganiza kuti vuto lanu ndi mvula.

Kandimverere anakanena za m'maluwa

Gawo lovuta kwambiri ndi la zotsatira. Ndime ija ikuti "zikuoneka kuti amalonda ambiri tsopano akugwiritsa ntchito STR komanso akuwoloka msanga". Muli mfundo ziwiri, ndipo iliyonse iyenera kufunsidwa payokha: zikuoneka kwa yani, ndipo anaona bwanji?

Pa mfundo yoyamba pali kaumboni. Sabata yomaliza ya Juni, mlangizi anaimbira foni ophunzira onse amene anasiya manambala. Anayankha ndi 40, ndipo 22 mwa iwo anati agwiritsapo ntchito fomu ya STR chiphunzirireni. Umenewu ndi umboni, ndipo uyenera kulowa m'ndime. Koma ulowe ndi malire ake. Anthu 22 mwa 40 ndi 55 pa 100 alionse, ndipo chiyeso chimakhala cholemba kuti "55 peresenti ya ophunzira akugwiritsa ntchito STR". Chiganizo chimenecho n'chabodza. Ophunzira ndi 94, ndipo 54 sitinamve mawu awo. Mwina amene sanayankhe ali kutsidya, kumene nambala yawo sigwira. Mwina ndi amene alibe foni yawoyawo, amene malonda awo ndi aang'ono kwambiri. Sitingawaike m'gulu limodzi ndi oyankhawo. Pa gulu laling'ono chotere ndi bwino kulemba manambala enieni, 22 mwa 40, kusiyana ndi peresenti, chifukwa peresenti imabisa kuchepa kwa anthu ofunsidwa.

Palinso malire ena. Awa ndi mawu a anthu eni ake pa foni, ndipo amene akuwafunsa ndi yemwe anawaphunzitsa. Mmalawi waulemu safuna kukhumudwitsa mphunzitsi wake. N'chifukwa chake mneni woyenera ndi "anati", osati "akugwiritsa ntchito". Ngati palibe amene anapita kukayerekeza mayankhowa ndi zolembedwa pa boda, ndime inene zimenezo poyera. Kuvomera malire a umboni sikufooketsa lipoti. Wowerenga akaona kuti mwaulula nokha pamene umboni wathera, amakhulupirira zotsalazo.

Mfundo yachiwiri, yoti anthu akuwoloka msanga, ilibe chopondapo. Palibe amene anaima pa boda ndi wotchi, maphunziro asanachitike kapena atachitika. Ndipo ngakhale nthawi itatsikadi, tingadziwe bwanji kuti ndi chifukwa cha maphunziro athu? Malo atsopano a Mwami ndi Mchinji anamangidwa ndi cholinga chenicheni chochepetsa nthawi yowolokera. Mzere pa boda umatalika kapena kufupika malinga ndi nyengo ya zokolola, tsiku la sabata, ngakhalenso kuyenda kwa netiweki ya makompyuta. Pulojekiti ya maphunziro atatu ikadzitengera ulemu wa zonsezi, ikukolola m'munda mwa eni. Chiganizochi chichoke chonse. Ngati tikufuna kudzachinena m'tsogolo, tiike m'ndondomeko kuti nthawiyo iziyezedwa.

Anthu a ku Mchinji sayenera kupita kutali kuti aone kulemera kwa mawu oti "chifukwa cha ife". Pulojekiti ya MaiMwana, imene inagwira ntchito m'boma lino ndi magulu a amayi komanso alangizi a kayamwitsidwe ka ana, inagawa malo ake m'zigawo 48, n'kusankha mwamaere kumene kudzakhale chithandizo chiti, kuti pakhale poyerekezera. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, patatha zaka akuwerenga ana obadwa ndi omwalira. Mtukula Pakhomo, amene lero ali m'maboma onse 28, anayamba ngati kuyesa chabe ku Mchinji konkuno mu 2006, ndipo ofufuza anatsata mabanja olandira ndi osalandira kuti aone kusiyana kwake. Pulojekiti yaing'ono singachite kafukufuku wamtundu umenewo, ndipo palibe amene akuiyembekezera kutero. Chimene ingachite ndi kunena zokhazo zimene mapepala ake angathe kunyamula.

Nanga "anasangalala kwambiri"? Chisangalalo si chimene pulojekiti inalonjeza. Ngati panali mafunso oyesa zimene anthu anamva, maphunziro asanayambe ndi atatha, zotsatira zake zingalowe. Ngati kunali kuwomba m'manja kokha, kusungidwe mumtima mwa mlangizi. Pempho loti maphunziro azibwerezedwa lili ndi phindu, koma malo ake ndi gawo la malingaliro, kumene lingalembedwe pamodzi ndi chimene anthuwo akufuna kubwereza.

"Posachedwapa" si tsiku

Mapeto a ndime ija akuti zotsalazo "zidzachitika posachedwapa zinthu zikakhala bwino". Chiganizochi chilibe mwini, chilibe tsiku, chilibe muyezo. Palibe amene angadzafunsidwe za icho, ndipo n'chifukwa chake chimabwereranso m'lipoti lotsatira osasintha. Lonjezo la m'lipoti liyenera kukhala ndi miyendo itatu ngati mafuwa: ndani, adzachita chiyani, pofika liti. Otsala ndi 26, kuchotsa 94 pa 120. Udindo ndi wa mkulu wa maphunziro. Tsiku ndi 25 Julayi. Koma musalembe tsiku la m'mutu mwanu. Mufunseni kaye mwini wakeyo, chifukwa lipoti likapita, tsikulo lasanduka ngongole yake.

Pano m'pofunikanso kuyang'ana aneni obisa wochita: "anachitika", "zinachedwa", "zidzachitika". Chichewa chathu chili ndi njira zambiri zonenera chinthu popanda kutchula munthu, ndipo pamaliro kapena pamlandu zimatithandiza kusunga mtendere. M'lipoti zigwiritsidwe ntchito mosamala. Pamene wochita alibe kanthu, monga ponena kuti maphunziro atatu anachitika, palibe vuto. Koma pa lonjezo, wochita atchulidwe ndi udindo wake.

Ndime itapetedwa

"Kuyambira Epulo mpaka Juni, pulojekiti inaphunzitsa amalonda 94, amayi 61 ndi abambo 33, mwa 120 amene anali pa ndondomeko, malinga ndi makaundula a maphunziro. Maphunziro atatu mwa anayi anachitika. Achinayi analephereka chifukwa ndalama zoyembekezeka pa 7 Epulo zinafika pa 26 Meyi. Mwa ophunzira 40 amene anayankha foni kumapeto kwa Juni, 22 anati agwiritsapo ntchito fomu ya STR chiphunzirireni. Mayankhowa sanayerekezedwe ndi zolembedwa pa boda. Mkulu wa maphunziro adzaphunzitsa amalonda 26 otsalawo pofika pa 25 Julayi."

Ziganizo ndi zisanu ndi chimodzi, mawu sakufika 80, ndipo mafunso asanu aja ayankhidwa onse. Taonani dongosolo lake. Chotsatira chachikulu chili patsogolo, kuti ngakhale wowerenga ataitanidwa ku msonkhano atangowerenga mzere woyamba, apite akudziwa kuti ndi 94 mwa 120. Ndime yoyamba ija inkatsata mmene maganizo ankabwerera m'mutu mwa wolemba. Iyi ikutsata mmene mafunso amabwerera m'mutu mwa wowerenga. Chiganizo chilichonse chanyamula katundu mmodzi, ndipo nambala iliyonse yabwera ndi kwawo: kaundula, ndondomeko, foni.

Taonaninso kuti ndimeyi ndi yaulemu ndi yokhazikika popanda mawu akuluakulu. Ambiri amaganiza kuti kulemba mwaukadaulo ndi kusankha mawu ovuta ndi ziganizo zazitali. Ayi. Kukhazikika kumabwera pochotsa mawu otengeka mtima monga "zedi" ndi "bwino lomwe", potchula chinthu ndi dzina limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiponso polemba madeti m'malo mwa "m'miyezi imene ikunenedwayi". Ngati mwayamba ndi "amalonda", musasinthe kukhala "opindula" kenako "anthu a m'dera", chifukwa wowerenga adzaganiza kuti ndi magulu atatu osiyana.

Pamene kupeta kumapitirira muyezo

Wopeta mosasamala amataya maso pamodzi ndi mankhusu. Ndaonapo ndime yodulidwa mpaka kutsala kuti, "Amalonda 94 anaphunzitsidwa. Ntchito ikupitirira." Yafupika, koma yabisa zambiri kuposa yaitali ija: chimene chinalonjezedwa chasowa, chifukwa chasowa, lonjezo lasowa. Kufupika si cholinga pakokha. Ngati nkhani ikufuna ziganizo zisanu ndi chimodzi, ipatseni.

Choopsa china ndi cha wokonza amene sanaone mapepala. Amatenga "oposa 100" n'kulemba "anthu 100" kuti zioneke zaukhondo, kapena amasintha "zikuoneka kuti" kukhala chiganizo chotsimikiza chifukwa chikumveka champhamvu. Apo wakometsa mawu n'kuwonjezera bodza. Lamulo langa n'lakuti wokonza asaike nambala imene sanaione ndi maso ake, ndipo asakweze mphamvu ya chiganizo kupitirira umboni wake. Pamene umboni sukupezeka, pali njira ziwiri zokha: kuchotsa mfundoyo, kapena kunena kuti sinayezedwe.

Palinso zinthu zoona zimene sizikwana m'manambala. Mayi wina akhoza kufotokoza pamaphunziro kuti anasiya kudzera njira zachidule za m'tchire atadziwa kuti katundu wake ali pa mndandanda. Nkhani yotere ndi yamtengo wapatali, ndipo malipoti ambiri ali ndi gawo lake la nkhani za anthu. Ilembedwe kumeneko, mwini wake atavomera, ngati nkhani ya munthu mmodzi. Isalowe m'ndime ya zotsatira n'kumaimira anthu 94.

Kuyesa musanatumize

Mukamaliza, yesani ndime yanu m'njira zitatu. Choyamba, iwerengeni mokweza. Pamene mpweya wakutherani, pakufunika mpumiro. Chachiwiri, ikani chala pa nambala iliyonse n'kutchula pepala limene yachokera. Ngati simungalitulutse m'fayilo m'mphindi zochepa, nambalayo sinakonzeke kutuluka mu ofesi. Onaninso kuti masamu akugwirizana: 61 ndi 33 apange 94, ndipo 94 ndi 26 apange 120. Chachitatu, perekani ndimeyo kwa mnzanu amene sagwira nawo pulojekitiyi, kaya ndi wa maakaunti kaya ndi dalaivala. Awerenge kamodzi, atembenuze pepala, ndipo mum'funse kuti: tinalonjeza angati, tafikira angati, chinavuta n'chiyani, chichitike n'chiyani? Akayankha zonse, tumizani. Akayamba ndi mawu oti "ndiye kuti mwina", bwererani patebulo.

Kulemba ziganizo zisanu ndi chimodzi zija kumatenga mphindi khumi. Kuyala makaundula, kufufuza mayina obwereza, kupempha sitetimenti ndi kuimbira mkulu wa maphunziro kumatenga masana onse. N'chifukwa chake ndime yaitali imakopa munthu amene wauzidwa kuti lipoti likufunika lero lomwe: ndi yosavuta kulemba. Akuluakulu a mabungwe amene akufuna malipoti aafupi ndi omveka apereke masana amenewo kwa alangizi awo, ndipo asalange munthu chifukwa cholemba 94 pamene akanatha kulemba "oposa 100".

Inu amene mukhale pa kompyuta kumapeto kwa mwezi uno, kaya ndi pa boma, ku Mkanda kapena ku Kapiri, musayambe ndi kutsegula lipoti lapitalo. Yambani ndi kutsegula fayilo, muwerenge mayina limodzi ndi limodzi. Amalonda 26 otsala aja adzaphunzitsidwa pokhapokha wina atalemba kuti alipo.